Mmene mungaikire mitundu pa chithunzi chakale cha agogo, khungu ndi zovala zituluke zokhulupirika

Ambiri tikapeza chithunzi cha agogo cha bulaki endi wayiti timathamangira timapulogalamu ta pa foni tija tongodina kamodzi, ndiye chotuluka chake mukuchidziwa, nkhope imayera ngati agogo ankadzola mafuta oyeretsa, manja pepo, chitenje chonse chimangokhala mtundu umodzi wosadziwika. Ine ndinapanga choncho ndi chithunzi cha agogo anga aakazi chomwe anajambulitsa mu 1974 kunja kwa tchalitchi, nditawaonetsa azakhali ku Chilomoni anangoyang'ana n'kunena kuti awa si amayi anga. Zinandikhudza kwambiri, ndipo ndinayambiranso pamanja. Njira yake ndi iyi, ndikhala ndikugwiritsa ntchito chithunzi chomwecho ngati chitsanzo. Agogo aima atavala bulauzi yoyera, duku loyera, chitenje chamaluwa, kumbuyo kuli khoma la njerwa.

Zofunika kukhala nazo

Chithunzi chenichenicho chapepala, osati chija chazungulira m'magulupu a banja. Laputopu kapena kompyuta yokhala ndi mawusi, kupenta ndi chala pa kabolodi ka laputopu kumatopetsa ndipo m'mbali mumatuluka moipa. Pulogalamu ya GIMP, ndi yaulere ndipo mukaiika siifunanso bando. Sikana, ngati mulibe, malo ambiri opanga fotokope ku Limbe kaya m'tauni amakhala nayo. Fulashi. Chithunzi chimodzi chamitundu cha wachibale wofanana khungu ndi agogo, chojambulidwa panja pamthunzi. Ndipo chomaliza chomwe anthu amachiiwala, munthu wamkulu wa m'banjamo amene anawaona agogo ndi maso.

Amene muli ndi Photoshop kapena Photopea zonse ndi zomwezi, kungoti pomwe ine ndikunena `LCh Color` inu musankhe `Color`.

1. Sikanani bwino, apa ndi pomwe ntchito imafera isanayambe

Muwauze asikane pa 600 dpi, ndipo asikane ngati chithunzi chamitundu ngakhale chili chakuda ndi choyera, chifukwa akasankha za madokumenti makina amataya mithunzi yonse ya pankhope, pamatsala madontho akuda okhaokha. Chithunzi cha saizi ya positikhadi, masentimita 9 kwa 14, chimatuluka mapikiselo pafupifupi 2100 kwa 3300, zomwe zikukwana kupirinta mpaka kuyandikira A4 osasweka. Ngati ndi kakang'ono ngati ka pa chiphaso kwezani mpaka 1200 dpi. Asunge ngati TIFF kapena PNG pa fulashi yanu. Akakutumizirani pa WhatsApp ikhale ngati `Document`, apo ayi fayilo imafinyidwa ndipo makwinya a pankhope amafafanizika.

Ngati chinamatirira pagalasi la felemu musachikoke, chikopa cha pamwamba chimatsalira pagalasipo ndipo sichibwereranso. Chijambuleni ndi foni chili momwemo, pakhonde pamthunzi, fulashi ya kamera yozimitsa, foni itayang'anizana nacho ndendende osapendekeka.

2. Chotsani chikasu cha ukalamba ndi zipsera

Tsegulani fayilo mu GIMP, pitani `Image > Mode > RGB` kuti itha kulandira mitundu. Kenako `Layer > Duplicate Layer`, muzigwira ntchito pa kope, leya ya pansiyo muisiye osaigwira. Sungani pompano ndi `Ctrl+S`, ikhala fayilo ya XCF yomwe imasunga maleya onse, ndipo muzidina `Ctrl+S` pafupipafupi, magetsi akathima muli pakati pa chitenje mudzandikumbuka.

Zithunzi zakale zambiri zinasanduka zachikasu kapena bulauni. Chikasucho chichoke kaye ndi `Colors > Desaturate > Desaturate`, chifukwa mukachisiya chimasokoneza diso lanu posankha mitundu, buluu mumamuona ngati wobiriwira. Timadontho ta fumbi ndi mizere ya popindika muchotse ndi `Heal`, batani lake ndi `H`, mumagwira `Ctrl` n'kudina malo abwino oyandikana nawo kenako n'kudina pachipseracho. Chenjezo, pankhope muziyang'anitsitsa musanafufute. Agogo anga anali ndi mphini pamasaya, poyamba ndinaziyesa zokanda za pepala. Mphini, kachipsera, mpata wa m'mano, zimenezo ndiye munthuyo.

3. Konzani kuwala koma musawayeretse

Apa ndikufuna mumvetse bwino chifukwa chilichonse chikubwera chikudalira pano. Mtundu womwe tiike sukusintha kuwala kwa chithunzi, umangokhala pamwamba pa kutuwa komwe kulipo kale. Malo akuda bii ndi oyera mbee salandira mtundu bwinobwino. Ndiye zithunzi zathu zambiri wojambula ankayeza kuwala potengera zovala zoyera, bulauzi imatuluka bwino koma nkhope n'kuda kwambiri.

Tsegulani `Colors > Curves`. Muona mzere wopendekeka. Dinani pa mzerewo chakumunsi, pafupifupi kota ya ulendo kuchokera kumanzere, n'kuukweza pang'onopang'ono mpaka muone kusiyana kwa tsaya ndi khosi, ndi timizere ta pansi pa maso. Mukangoona zimenezo imani. Dinaninso chakumtunda n'kubweza mzerewo pamalo pake kuti bulauzi isapserere, mapindo ake azionekabe.

Chiyeso chimakhala chakuti ukwezebe, poti nkhope ikuoneka bwino ikamayera. Musatero. Ngati agogo anali akuda, akhale akuda. Mukakweza kwambiri ndiye kuti bulauni aliyense mudzaike adzatuluka wa munthu woyera, ndipo palibe mtundu ungakonze zimenezo pambuyo pake.

4. Funsani musanapente

Chithunzi chakuda ndi choyera sichingakuuzeni mtundu wa nsalu. Chofiira ndi chobiriwira zimatha kutuluka zotuwa mofanana ndendende. Chomwe chikukuuzani ndi choti nsaluyo inali yowala kapena yoderapo basi. Ndiye tengani foni mukakhale pansi ndi azakhali kapena amalume, ndipo musawafunse kuti kodi chinali chabuluu eti, adzangovomera. Afunseni kuti chitenje ichi mukuchikumbuka, chinali chotani, muwasiye afotokoze okha. Azakhali anga anati chinali chobiriwira ngati masamba a mango maluwa ake achikasu, ndipo anakumbuka chifukwa patapita zaka anaberekera nacho mwana.

Mayunifolomu amathandiza poti mitundu yake ndi yodziwika. Amayi a Mvano a CCAP ndi bulauzi yoyera, duku loyera, kumunsi chakuda. Agogo aamuna omwe anali asilikali a KAR, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda, ndi kaki, ndipo ngati avala chisoti chachitali chija cha pa pelete, cha magulu a ku Nyasaland chinali chakuda. Achinyamata a Youth League nthawi ya Kamuzu ankavala malaya ofiira. Pomwe palibe akukumbuka, sankhani mtundu wofatsa, kaki, bulauni, buluu woderapo, osati wolira.

5. Khungu: leya yoyamba

Pangani leya yatsopano ndi `Shift+Ctrl+N`, muitche khungu, pa `Mode` sankhani `LCh Color`. Dinani kabokosi ka mtundu kumanzere, pa `HTML notation` lembani:

```
8A5A44
```

Dzazani leya yonse ndi `Edit > Fill with FG Color`. Chithunzi chonse chisanduka bulauni, musadabwe. Tsopano `Layer > Mask > Add Layer Mask`, sankhani `Black (full transparency)`, bulauni yense abisika. Tengani burashi ndi `P`, ya m'mbali mofewa, mtundu ukhale woyera, muyambe kupenta pa masikiyo pomwe pali khungu. Pomwe mwapenta choyera mtundu ukuonekera, mukadutsa malire pentani chakuda ubisikanso. Batani la `D` limabwezeretsa chakuda ndi choyera, `X` limasinthanitsa ziwirizo. Ubwino wa masiki ndi woti mawa mukafuna kusintha bulauniyo mumangodzazanso leya, simupentanso nkhope.

Musaiwale makutu, khosi, mikono, mapazi, ndi khungu looneka m'mphepete mwa duku pomwe tsitsi likuyambira. Mukamaliza tsitsani `Opacity` ya leyayo ifike 60 mpaka 70.

Chinthu china chomwe chimasokoneza anthu: mu `LCh Color` kuda kwa bulauni yemwe mwasankha kulibe ntchito. Mukafuna agogo aderepo, kusankha bulauni wakuda sikuthandiza, mubwerere ku `Curves`. Chomwe leyayi ikupereka ndi mbali ya mtundu, kaya ukupendekera kofiira kaya kwachikasu, ndi mphamvu yake. Apa ndi pomwe chithunzi cha wachibale chija chikugwira ntchito. Chitseguleni pambali, muziyerekeza. Khungu la agogo likaoneka ngati njerwa yootcha ndiye kuti kufiira kwachuluka, likaoneka ngati la munthu wodwala chikasu ndiye kuti kufiira kwachepa. Mukonze ndi `Colors > Hue-Saturation` pa leyayo, osati pa masiki, kusuntha `Hue` ndi 3 kapena 5 basi, osapitirira.

6. Khungu: chomwe chimalipatsa moyo

Mukaima pa leya imodzi ija agogo amaoneka ngati chiboliboli chamtengo chopakidwa polishi. Tayang'anani nkhope ya munthu wakuda ataima panja masana. Pamphumi, pamsana pa mphuno ndi pamwamba pa masaya pomwe pakunyezimira si bulauni, ndi potuwirako, nthawi zina pamaoneka kabuluu chifukwa khungu likubweza kuwala kwa mtambo. Pansi pa chibwano ndi m'mbali mwa mphuno ndi pofiirirako. Bulauni weniweni ali pakatikati pokha. Zitatuzi zikakhalapo diso limakhulupirira, ndipo ine nthawi yambiri ndimathera pano.

Yambani ndi ponyezimira. Bwererani pa masiki ya khungu, burashi yakuda, `Opacity` ya burashi pa 20, dutsani kawiri katatu pamalo owalawo kuti bulauni achepe. Osachotseratu, mukachotseratu pamakhala chigamba chotuwa ngati phulusa. Ngati chithunzi ndi cha panja ngati changachi, pangani leya ina ya `LCh Color`, pentani malo omwewo ndi `9FB0C4`, leya pa 10 mpaka 15. Ngati ndi cha mu situdiyo kabuluuka kasiyeni, kuchepetsa bulauni kwakwana.

Kenako mithunzi. Leya ina ya `LCh Color`, ngati maleya onse a mitundu, mtundu `6B3A30`, pentani pansi pa chibwano, m'khosi, m'makutu, m'mbali mwa mphuno ndi pomwe duku laponya mthunzi pamphumi, leya pa 25 mpaka 30. Ndi burashi yomweyo gundani pang'ono masaya ndi nsonga ya mphuno. Mukamaliza pitani `Filters > Blur > Gaussian Blur` muike 8 mpaka 12 kuti malire a zomwe mwapentazo asungunuke.

Milomo ikhale ndi leya yake, `8C4A48` pa 35, ndipo mlomo wa m'munsi chapakati ndi womwe umafiirirako kuposa wa m'mwamba. Mukaona ngati agogo apaka lipisitiki tsitsani. Zikhatho ndi zikhadabo ndi zowalirapo komanso zopendekera ku pinki, `B9846C` pa 50 imachita bwino. Maso ndiye samalani. Choyera cha diso la munthu wamkulu sichikhala choyera mbee, ikani `D8CFC0` pa 20, pakati pa diso `4A2C1A`. Mukasiya maso opanda mtundu uliwonse, pakati pa khungu labulauni amaoneka abuluu, nkhope n'kukhala yoopsa. Imvi nazonso zimafuna kabulauni kochepa kwambiri pa chifukwa chomwecho.

Kuti mutsimikize, tengani `Color Picker` ndi `O`, chongani `Sample merged` ndi `Use info window`, dinani pakati pa tsaya. R akhale wamkulu, G wachiwiri, B wamng'ono. Pa agogo anga ndinapeza pafupifupi 125, 94, 80. Zanu zisiyana malinga ndi kuda kwa munthu, koma ine ndikaona B watsika kufika theka la R ndimadziwa kuti khungu lasanduka olenji, ndikaona G watsala pang'ono kufanana ndi R ndiye kuti likupita kobiriwira.

7. Zoyera ndi zakuda nazonso zimapentedwa

Anthu amadumpha bulauzi poti ndi yoyera kale. Koma nsalu yoyera panja mapindo ake amakhala ndi kabuluu. Leya yatsopano, `B8C4D6`, pentani m'mapindo ndi m'khwapa mokha, leya pa 15. Pakolala pomwe nsalu yayandikana ndi khosi gundanipo pang'ono ndi bulauni wa khungu uja, chifukwa khungu limabwezera mtundu wake pansalu. Duku chimodzimodzi. Siketi yakuda kapena jekete ya agogo aamuna ipatseni `2A2E3A` pa 20 mpaka 30, ndipo ngati ikuoneka yakalekale ipendekereni ku bulauni, nsalu yakuda ikapsa ndi dzuwa imatero.

8. Chitenje

Ichi ndiye chimadya nthawi, changa chinanditengera madzulo awiri. Yambani ndi mtundu wa pansi, leya yodzaza ndi masiki ngati tinachitira khungu. Ine ndinaika `3F6B4A`, chobiriwira chofatsa, n'kupenta chitenje chonse. Kenako leya ya maluwa pamwamba pake, `C9A23F`, kukuza chithunzi mpaka 200 peresenti n'kumapenta duwa limodzi limodzi ndi burashi yaing'ono. Leya ya maluwayo ikhale pa 85 kupita mmwamba kuti chobiriwira cha pansi chisatulukire, apo ayi maluwa amatuluka ngati ndimu yosapsa.

Tsatirani zomwe chithunzi chikuonetsa. Pa chitenje kutuwa kofanana nthawi zambiri ndi utoto umodzi, ndiye ngati mukuona milingo itatu ya kutuwa, yakuda, yapakati ndi yowala, mitundu ikhalenso itatu, musaonjezere wachinayi wa m'mutu mwanu. Mizere yakuda yozungulira maluwa isiyeni ikhale yakuda. Ndipo chikasu sichingakhale pamalo oderapo, mukachiikapo chimatuluka ngati matope, chimenecho ndi chizindikiro choti duwalo linali lofiira kapena labuluu. Zikatero bwererani kwa azakhali.

Kumbukirani kuti si chitenje chatsopano chopachikidwa mumsika wa Limbe. Chinachapidwa kambirimbiri n'kuyanikidwa padzuwa. Mukamaliza tsitsani mtundu wa pansi mpaka 55 kapena 65, ndipo m'mapindo akuya chepetsani mtundu pa masiki ndi burashi ya 20 ija. Lamulo langa ndi loti ukatsinzina pang'ono n'kuyang'ana chithunzi, diso liyambe kugwera pankhope. Likagwera pachitenje ndiye kuti chikulira kwambiri.

9. Kumbuyo ndi kumanga zonse pamodzi

Kumbuyo musatayepo nthawi koma musakusiye kotuwa. Khoma la njerwa zootcha, ngati zija za tchalitchi cha St Michael and All Angels, ndinaliika `9A5B45` pa 40. Vuto ndi loti njerwa ndi khungu zimayandikana mtundu, ndiye khomalo likhale lofooka kuposa nkhope kuti agogo asamire m'khoma. Zakutali monga mitengo ndi phiri zikhale zofooka kwambiri komanso zopendekera ku buluu. Udzu uganizireni nyengo, ngati pansi pakuoneka fumbi ndi mitengo yoyoyoka masamba ndi chilimwe chimenecho, udzu wake ndi wa kaki.

Pomaliza leya imodzi pamwamba pa zonse, yodzaza ndi `C9A46A`, `Mode` pa `Soft light`, pa 8 mpaka 10. Imapangitsa zonse kuoneka kuti zawalidwa ndi dzuwa limodzi. Zikatero tsekani laputopu mukagone. Diso likakhala pa chithunzi maola atatu limazolowera olenji n'kumamuona ngati bulauni, mamawa ndi pomwe mudzaone zoona zake.

10. Kutulutsa ndi kupirinta

`File > Export As`, dzina lithere ndi `.jpg`, `Quality` pa 95. XCF ija isungeni, pamodzi ndi sikani yoyamba yosakhudzidwa. Popirinta yambani ndi kakang'ono kamodzi koyesera, chifukwa pepala limatuluka loderapo kuposa sikirini ndipo khungu lakuda ndi lomwe limayamba kutaya tsatanetsatane. Auzeni a situdiyo asakonze chilichonse, makina ena amadzikonzera okha kuwala n'kuyeretsa nkhope yomwe mwavutikira. Kuseri kwa chithunzi lembani kuti mitundu inaikidwa chaka chakuti, ndipo mutchule zomwe zinachokera kwa azakhali ndi zomwe munangoganizira, kuti adzukulu asadzatenge chongoganizira ngati mbiri ya banja.

Zolakwika zomwe zimachitikachitika

Mtundu sukutuluka, zonse zikungokhala zotuwa. Fayilo idakali pa `Grayscale`, bwererani ku `Image > Mode > RGB`. Ngati ili kale pa RGB ndiye kuti mukupenta pa masiki mukuganiza kuti muli pa leya, yang'anani kabokosi kamene kazunguliridwa ndi mzere woyera.

Utoto ukuphimba nkhope ngati penti ya pakhoma. `Mode` ya leya yatsala pa `Normal`.

Kamzere kotuwa kozungulira nkhope ndi mikono. Masiki sinafike m'mphepete. Kuzani chithunzi mupente mpaka kudutsa malire ndi pikiselo imodzi kapena ziwiri, kenako `Gaussian Blur` ya 2 pa masikiyo. Kudutsa pang'ono sikuoneka, koma kuperewera kumaoneka patali.

Nkhope ndi manja ngati za anthu awiri. Zimachitika mukapenta nkhope lero manja mawa ndi bulauni wina. Khungu lonse likhale pa masiki imodzi. Ngati manja akuderapo kuposa nkhope pa chithunzi choyambirira asiyeni choncho, manja a munthu wolima amatero.

Kusalaza khungu. Ena amafufuta makwinya ndi timchenga ta filimu poganiza kuti akukongoletsa, nkhope n'kutsala ngati pulasitiki. Timchengato ndi tomwe timagwira mtundu kuti uoneke ngati khungu, bulaa iliyonse ipite pa maleya a mtundu ndi masiki basi, osati pa chithunzi chenichenicho.

Kuweruza pa sikirini imodzi. Malaputopu ambiri akale amaonetsa kabuluu, ndiye umaonjezera kufiira osadziwa. Tumizani ku mafoni awiri osiyana, muzimitse chija chosinthira sikirini kukhala yachikasu usiku, muone ngati khungu likugwirizana. Kenako pitani nacho kwa wamkulu uja musanapirinte chachikulu. Changa azakhali anachiyang'ana nthawi yaitali, anavomereza khungu, koma anati chobiriwira cha chitenje chinali choderapo kuposa apa, ndiye ndinabwerera pa leya ya chithunzi, kusankha chitenje chokha, n'kutsitsa `Curves` pang'ono.